Kalata yosinthira akaunti ya malipiro, ndiilembe bwanji?

Abale, ndithandizeni. Ndimagwira ntchito pakampani ina ku Ginnery Corner kuno ku Blantyre, ndipo ndatsegula akaunti kubanki ina. Ndikufuna malipiro azilowa kumeneko kuyambira Okutobala.

A ku ofesi ya malipiro angoti "lembani kalata", basi. Ndaikamo dzina langa monga lilili kubanki, nambala ya akaunti, dzina la banki ndi nthambi ya ku Limbe. Kodi pamafunikanso chikalata chodindidwa ndi banki chotsimikizira nambalayo?

Chikundisowetsa tulo ndi mwezi. Timalandira pa 25, koma mndandanda wa malipiro amautseka pa 15. Ndikapereka pa 12, ndilembe Okutobala kapena Novembala? Yakaleyo sindinaitseke dala, kuopa kuti ndalama zingabwerere ine lendi ikundidikira. Amene munasinthapo, munaitseka patapita miyezi ingati?