Ndimange ndalama zingati m'matumba? Mutu waima

Wasikelo: Anzanga thandizeni msanga. Mbewu zatsika, ndikufuna kupikula ndisunge mpaka zikwere. Tinene kuti mpamba wanga ndi magawo 100, mwa amenewo 30 ndi ngongole yobweza mbewu zisanakwere. Vuto ndalama zanga sizibwera mofanana, mwezi wina tayale, wina zii. Aliyense akungoti "ika zomwe ungapirire zitatayika". Ndizidziwa bwanji zimenezo?

Mlimi wa kudimba: Phatikizani zomwe munapeza chaka chatha, mugawe ndi 12. Mukhala mwadziwa mphamvu zanu.

Mayi wa golosale: Pang'ono mwalondola, koma kugawa ndi 12 kumanamiza. Banja silidya za mwezi wapakatikati. Achimwene, miyezi yowuma imakhala ingati, imabweretsa zingati, ndipo pakhomo pamapita zingati?

Wasikelo: Inayi. Pakhomo 8 pamwezi, geni imabweretsa 3 basi.

Mkulu wakale: Ngongole salowetsa m'matumba. Bwezani kaye.

Mayi wa golosale: Ndiye mwezi uliwonse wowuma mukuperewera 5, miyezi inayi ndi 20. Zimenezo musazikhudze. Ngongole ndi chiwongoladzanja tinene 36, ndipo mwini wake sadikira kuti mitengo ikwere. Ngati mumalimanso, patulani za zipangizo, mwina 14. Zotsala ndi 30. Zomanga m'matumba ndi zimenezo, osati 100. Kenako dzifunseni: mtengo utakana kukwera, mbewu n'kupepuka pouma, pa 30 mutataya 10, mawa mutsegula geni? Usiku mugona? Thumba la ndalama likhoza kupirira koma mtima osapirira, ndipo woteroyo amagulitsa mwamantha mtengo ukangogwedera.

Wamatumba: Anankafumbwe ndi amene anandigwetsa ine. Ndinathira mankhwala mbewu zisanaumitse, potsegula ndinapeza fumbi lokhalokha pansi pa thumba, kununkha chuku. Gulani matumba osalowa mpweya aja.

Wasikelo: Zosunga ndimazidziwa, ndikufunsa za kuchuluka kwa ndalama. Komanso 30 yachepa mayi, phindu lake lingakhale chiyani?

Mkulu wakale: Lichepe. Bola musagwire za eni.

Mlimi wa kudimba: Chenjeraninso apa: ngati mumalima mbewu yomweyo, zomwe zili m'nkhokwe mwanu ndi kubetcha kale. Chaka chokolola zambiri mtengo sukwera, ndiye zanu ndi zopikula zigwera limodzi.

Mayi wa golosale: Eya, muziwerengere mu 30 muja. Ndipo matenda sindinawaike n'komwe.

Wamatumba: Koma chaka china amene anaika zonse anagula njinga zamoto, ife osamala tikungoyang'ana.

Mkulu wakale: Amene anagulitsa malata chaka chotsatira simuwatchula bwanji? Ndanena kale, ngongole ayi.

Wamatumba: Akuluakulu, si ngongole yonse yoipa. Paja matumba aja amagwira nyengo zingati asanabooke? Anga ena ayamba kufewa m'makona.