Kodi ndi Kuroni kapena alusaretivi kolaitisi?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mlongo wanga wakhala akutsegula m'mimba magazi kwa miyezi. Atamuunika ndi kakamera, anapeza zilonda m'thumbo lalikulu, koma kumapeto kwake, kufupi ndi kotulukira chimbudzi, kuli bwinobwino. Pa matenda awiri otupitsa matumbowa, adokotala akuganiza kuti mwina ndi Kuroni, poti kolaitisi imayambira kumapetoko n'kumakwera mosadumpha, pomwe Kuroni imadumphadumpha, imagwira ngakhale thumbo laling'ono, ndipo imadya khoma lonse mpaka kuboola kapena kulipanikiza.

Chondidetsa nkhawa ndi mankhwala. Akumwa mesalazini, amene amathandiza kwambiri pa kolaitisi koma pa Kuroni mphamvu yake ndi yochepa. Opaleshoninso: kuchotsa thumbo lalikulu kumathetsa kolaitisi, koma Kuroni imabwerera polumikizira. Amene munadutsamo, anakuyezani chiyani kuti atsimikize? Nanga TB ya m'matumbo, imene imafanana ndi Kuroni, anayamba aiyeza asanakupatseni puredinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa amene amafooketsanso chitetezo cha m'thupi?