Masentavo 23 akusowa pa folya ya malipiro, ndalakwitsa pati?

Nangozo wa ku Ulongwe:
Moni nonse pagulu pano. Ndimakonza malipiro a antchito 140 pa kampani ina yogula mbewu kuno ku Angonia. Msonkho wa IRPS ndimawerengera mu Excel wa Chipwitikizi, ndipo tebulo ndinaliika pa tsamba lakelake, PROCV ndi imene imatola mlingo wa munthu aliyense. Vuto ndi ili. Ndikaphatikiza msonkho ndi SOMA ndikupeza nambala ina, koma abwana atatenga mapepala amene timapatsa antchito n'kuphatikiza pa kakyuleta apeza nambala yosiyana ndi masentavo 23. Komanso bambo wina wabwera ndi pepala lake akuti tamuwonjezera sentavo imodzi. Malipiro ake ndi 27.833,50, alibe omudalira olembedwa. Pepala likuonetsa IRPS 1.037,53, INSS ya penshoni 835,01, yotsala 25.960,97. Ndachotsera ndekha pamanja ndapezadi 25.960,96. Sentavo si ndalama, koma abwana akana kusainira mpaka zigwirizane. Ndithandizeni, mwezi watha kale uwu.

Achimwene a ku Zobwe:
Imeneyo ndi nkhani ya m'malire a milingo, mayi. Munthu amene malipiro ake ali pafupi ndi 32.750 PROCV imamuponya mu mlingo wapansi ngati pali timanambala tobisika. Yang'anani amene ali m'malire.

Gama wowerengera ndalama, Moatize:
Achimwene akunena zoona pa timanambala tobisika, koma pa malire ayi. Tebulo la pamwezi ndi lolumikizana. Kwa munthu wopanda omudalira, mlingo woyambira 22.250 uli ndi 200 kuphatikiza 15 peresenti ya zopitirira pamenepo, ndipo ukafika pa 32.750 wakwana ndendende 1.775, yomwe ndi poyambira pa mlingo wa 20 peresenti. Ndiye wa 32.749,996 ngakhale agwere mlingo wapansi, msonkho wake ubwerabe 1.775,00. Malire sangakubereni kanthu.

Mayi Nangozo, tiyeni titenge bambo wanuyo. Pa 27.833,50 tikachotsa 22.250 patsala 5.583,50. Ya 15 peresenti ndi 837,525, kuphatikiza 200 ikhala 1.037,525. Mwaona kuti pali manambala atatu kuseri kwa koma? INSS ya 3 peresenti nayo ndi 835,005. Inu munauza Excel kuti izionetsa manambala awiri okha, ndipo ikumvera, ikuonetsa 1.037,53 ndi 835,01. Koma mkati ikusungabe theka la sentavo pa chilichonse, ndipo pochotsera imagwiritsa ntchito zamkatizo, osati zimene maso anu akuona. Matheka awiri aja ndiwo sentavo imene bamboyo wabwera nayo. Masentavo 23 ndi matenda omwewo, kungoti aunjikana pa anthu 140.

Mankhwala ake ndi kudula nambala pa mzere wa munthu aliyense ndi ARRED, imene imaifikitsa pa sentavo yapafupi, osati kudula chiwerengero chapansi. Ine sindikonda fomula imodzi yaitali ngati njanji ya ku Nacala, ndimaigawa. Tinene kuti pa tsamba la Tabela, A ndi poyambira mlingo, B ndi peresenti, C ndi ndalama yokhazikika, ndipo malipiro ali mu D:

```
E2: =PROCV(D2;Tabela!$A$2:$C$11;1;VERDADEIRO)
F2: =PROCV(D2;Tabela!$A$2:$C$11;2;VERDADEIRO)
G2: =PROCV(D2;Tabela!$A$2:$C$11;3;VERDADEIRO)
H2: =ARRED((D2-E2)*F2+G2;2)
I2: =ARRED(D2*3%;2)
J2: =D2-H2-I2
```

Mukatero, J ikuchotsera manambala amene adulidwa kale, ndiye pepala la wantchito ndi SOMA zizinena chimodzi. C imeneyi ndi ya opanda omudalira. Kwa ena muwonjezera mizati ina, n'kusintha 3 wa mu G2 komanso $C$11 kuti ifike pa mizati yatsopanoyo.

Nangozo wa ku Ulongwe:
Zikomo a Gama. Ndayesa, bambo uja tsopano wabwera 25.960,96. Koma SOMA ya yotsala ikusemphanabe ndi mapepala ndi masentavo ochepa, ndipo ndikukayikira anthu asanu ndi mmodzi. Onsewo ndi amene anayamba ntchito pakati pa mwezi.

Gama wowerengera ndalama, Moatize:
Ndiye kuti D mwiniwakeyo ndi wosadulidwa. Mukagawa malipiro ndi 30 n'kuchulukitsa ndi masiku, mumapeza nambala ya mchira wautali, ngati 25.000 pa masiku 17 imene imabwera 14.166,6666 osatha. Ikaninso ARRED pamenepo, msonkho usanawerengedwe. Lamulo langa ndi loti nambala iliyonse imene idzasindikizidwe pa pepala la munthu idulidwe kamodzi pamene yabadwira. Koma musadule za pakati, monga malipiro a tsiku limodzi. Mukadula 833,3333 kukhala 833,33 kenako n'kuchulukitsa ndi 17, mwataya masentavo 6 pa munthu mmodzi.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Pepani kulowerera. Ine akundidula IRPS yambiri chaka chino kuposa chatha, kodi ndikadandaule ku Finansa kapena kwa amene amakonza malipiro athu?

Achimwene a ku Zobwe:
Aphunzitsi, pano tikukamba za fomula. Yambani mwafunsa amene amakonza folya kuti anakulemberani omudalira angati.

Koma a Gama, bwanji osangotsegula Set precision as displayed basi? Ine ndinatero, zonse zinagwirizana tsiku lomwelo popanda kukhudza fomula ngakhale imodzi.

Gama wowerengera ndalama, Moatize:
Imagwira, sindikana. Koma imagwira fayilo yonse, ndipo manambala olemba pamanja imawadula kotheratu, sabwereranso ngakhale mutaitseka. Tayerekezani kuti pa mzati wa peresenti wina waika kuti pazioneka nambala imodzi kuseri kwa koma. 0,15 yanu isanduka 0,2 mpaka kalekale, anthu n'kudulidwa msonkho wosakhala wawo, fomula ikuoneka yabwinobwino. Pa fayilo imene mumagwira nokha mwina, koma ya malipiro imadutsa m'manja ambiri.

Nachisale, mzinda wa Tete:
Zanga zinali zoopsa kuposa masentavo. Pokopera tebulo ndinaika malire akumwamba mu mzati woyamba, 22.249,99, 32.749,99 ndi ena otero. PROCV imatola nambala yaikulu kwambiri imene sikupitirira malipiro, ndiye aliyense ankagwera mzere wa mlingo wapansi pake. Palibe uthenga wa vuto umene unatuluka. Ndinadzazindikira patapita miyezi iwiri. Mzati woyamba ukhale wa poyambira, kuchokera pa 0 kukwera m'mwamba.

Gama wowerengera ndalama, Moatize:
Ndipo pali njira yosiyanitsira matenda awiriwa osavutika. Kudula kumasuntha nambala ndi theka la sentavo basi, osapitirira. Pa anthu 140, mzati umodzi sungasemphane kuposa masentavo 70, ndipo kawirikawiri zimachepa chifukwa ena akwera ena atsika. Masentavo 23 ali mkati mwa malire amenewo. Mukadzaona mametikali asanu kapena zana, musataye nthawi ndi ARRED, kafufuzeni tebulo, kapena zizindikiro za $ zimene zinasowa pokokera fomula pansi.

Nangozo wa ku Ulongwe:
Zagwirizana tsopano, abwana asainira. Latsala funso limodzi. INSS yonse ndi 7 peresenti, 3 ya wantchito ndi 4 ya kampani. Ndidule 3 payokha ndi 4 payokha n'kuphatikiza, kapena ndidule 7 yonse n'kuchotsapo ya wantchito? Ndayesa njira zonse ziwiri, zikusiyana ndi masentavo 4.

Nachisale, mzinda wa Tete:
Ine ndimadula payokhapayokha.

Achimwene a ku Zobwe:
Ine 7 yonse, yotsala ndi ya kampani. A Gama atuluka kodi?