Kalata yopempha ndalama za denga la tchalitchi: ndilembe bwanji kuti ena asachite manyazi?

Membala wosatchula dzina:
Abale ndithandizeni, mutu wandiima. Ndine mlembi wa komiti ya zomangamanga pa tchalitchi china kuno ku Bangwe. Udindowu sindinaufune, anandisankha tsiku lomwe ndinapita kumaliro ku Thyolo. Khoma linafika pa lintala chaka chatha, chatsala ndi denga, ndipo mmisiri anawerengera K6,000,000. Tilipo mabanja 120, ndiye komiti inangogawa, K50,000 banja lililonse, miyezi itatu. Apampando akuti Lamulungu lino ndiwerenge kalata kutsogolo, koma iwowo foni sayankha, ndipo mapepala ndikusindikiza ndi ndalama yanga. Akazi awo ndi omwe anandinena kumvano kuti ndimachedwa. Ndalemba chonchi: "Banja lililonse likuyenera kupereka K50,000. Ngakhale inu ovutika musadandaule, kangachepe komwe muli nako Mulungu amalandira, monga mayi wamasiye uja." Ulendo watha tikutolera za njerwa, amayi ena anasiya kubwera. Ndisinthe pati?

Mkulu wa ku Chirimba:
MUSASINTHE KANTHU! Mpingo sitinyengerera. Anthu omwewo mayunitsi amagula tsiku ndi tsiku, nsalu ya ukwati wa mnansi amadula, ikafika ya Mulungu ndiye ati zinthu zavuta. Kwathu tinafolera ndi mpikisano, milaga kulimbana, wotsalira ankaimbidwa nyimbo. Miyezi iwiri denga gwa!

Nachisale:
Achimwene kaya achemwali, chotsani mawu oti "ovutika". Mukangowatchula pagome, tchalitchi chonse chimatembenuka kuyang'ana benchi yakumbuyo. Ine zinandichitikira Freddy atatigwetsera nyumba ku Chilobwe mu 2023. Tinkagona pasukulu, ndiye mkulu wina analengeza kuti okhudzidwa ndi namondwe akhululukidwa chopereka cha mpanda, aimirire tiwaone. Ndinaimirira nditavala diresi yolandira. Ankaganiza kuti akutichitira chifundo. Ndinatha miyezi isanu osapondako.

Kabaza Wachangu:
Apampando osayankha foni aja mwayamba mwaona ngati sakufolera nyumba yawo? Ndangodutsa ine.

Mkulu wa ku Chirimba:
Mayi Nachisale pepani ndi zomwe zinakuonekerani, koma za namondwe ndi zina. Apa tikukamba za aulesi.

Msungichuma wopuma, Zingwangwa:
Ndinasunga thumba la zomangamanga zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ndilankhuleko. Vuto lalikulu m'kalata yanu ndi nambala ija, K50,000. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Bangwe akaimva amadziwiratu kuti safika, ndipo munthu akadziwa kuti safika sabweretsa ngakhale K5,000 yomwe akanatha, chifukwa ikaoneka ngati ngongole yosamaliza. Winanso wa shopu ku Limbe, amene akanapereka K300,000 osamva kuwawa, apereka K50,000 yomweyo n'kusamba m'manja. Mwaluza mbali zonse ziwiri.

Tawerengani motere. Mwa mabanja 120, tinene kuti 20 angathe K200,000 lililonse, imeneyo ndi K4,000,000. Amenewa musawafune ndi kalata ya pagome, apampando ndi abusa akawaone kunyumba mmodzimmodzi kalata isanawerengedwe. Mabanja 60 akamaponya K2,000 sabata iliyonse kwa masabata 12, ikukwana K1,440,000. Yatsala K560,000. Mufunse mmisiri kuti pa mtengo wake uja, zingati ndi za anyamata othandizira, kunyamula matabwa ndi malata, kupaka mankhwala a chiswe, chakudya cha amisiri. Zimenezo mpingo ungagwire wokha, ndipo azichotse pa mtengowo molemba. Manambalawa ndangopeka kuti muone njira, anthu anu mukuwadziwa ndinu.

Kalatayo ine ndikanalemba chonchi: "Abale ndi alongo, khoma tinamanga tonse laima. Chatsala ndi denga, ndipo likufuna K6,000,000 mvula isanayambe. Palibe mlingo woikidwa pa banja. Aliyense alandira envelopu yofanana, ndipo bokosi likhala pakhomo masabata 12. Tikufunanso manja: onyamula matabwa Loweruka, ophikira amisiri, olondera katundu usiku. Sabata iliyonse tizikuuzani pomwe tafika tonse pamodzi."

Onani kuti mulibe "inu" ndi "ife", mulibenso "kangachepe". Mawu amenewo amakoma munthu akamanena za mphatso yake, koma mlembi akamanena za mphatso ya wina ndi chipongwe.

Mai a mapasa:
Vesi la mayi wamasiye lija nalonso lichoke. Pa Maliko 12 mayiyo anaponya zonse zomwe akanadyera. Mukawerengera munthu amene kunyumba kulibe ufa, akumva kuti mukufuna ya ufa yomweyo. Bola 2 Akorinto 8:12, pamene pakunena kuti mphatso imalandiridwa molingana ndi zomwe munthu ali nazo.

Mkulu wa ku Chirimba:
Maenvelopu achinsinsi? Mudzapezamo mapepala opanda kanthu! Kwathu wina anaikamo risiti ya chigayo. Ndipo mukasiya kutchula maina mwatsegulira akuba khomo, ndalama yopanda dzina imasowa bwino. Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Msungichuma wopuma, Zingwangwa:
Pa za akuba mwalasa, bambo. Koma mankhwala ake si kuchititsa anthu manyazi. Bokosi litsegulidwe ndi anthu atatu a milaga yosiyana, awerenge asanachoke patchalitchi, asayine onse, Lolemba ikalowe kubanki ndipo kapepala ka kubanki kamatidwe pa bolodi. Wofuna risiti alembe dzina m'kati mwa envelopu, apatsidwe payekha. Za Airtel Money kapena Mpamba, nambala isakhale ya foni ya munthu mmodzi yomwe amalipiriranso magetsi a kwawo.

Blessings wa mabuloko:
Amene mukufuna mabuloko a simenti olimba tilipo ku Machinjiri, timakutulirani pamalo. Ndilembereni kumbali.

Kabaza Wachangu:
Akuti denga aise, mabuloko afolerere?

Nachisale:
Koma a mlembi, simunatiuze. Amayi anasiya kubwera aja, chinachitika ndi chiyani kwenikweni? Kalata yokha siithamangitsa munthu.

Membala wosatchula dzina:
Aaa, mwina ndi za bolodi. Pakhomo timamata pepala la maina onse, ndalama yomwe wapereka ndi yotsala. Amene sanayambe timalemba ndi cholembera chofiira. Komanso pakhala ubatizo wa ana, akuluakulu amayamba ayang'ana pepalalo. Koma zimenezo si za ine, ndinazipeza.

Mai a mapasa:
Ndiye mwatitayitsa nthawi ndi akazi a apampando, nkhani yeniyeni mutaikhalira!

Msungichuma wopuma, Zingwangwa:
Pamenepo kalata yanga ija musawerenge kaye. Mukanena kuti palibe mlingo pomwe pepala lofiira lili pakhomo, anthu akhulupirira pepalalo. Pitani kwa abusa Lamulungu lisanafike, pepala limatulidwe, ndipo m'kalatamo muonjezere chiganizo ichi: "Chopereka chimenechi sichikhudza ubatizo, ukwati kapena maliro a munthu aliyense." Koma chiganizocho chivomerezedwe ndi akulu a mpingo, osati inu nokha. Pa bolodi jambulani denga, muzidetsa lata limodzilimodzi ndalama ikamalowa. Masiku omwe anthu agwira ntchito muziwalengezanso limodzi ndi ndalama, apo ayi onyamula matabwa adzaoneka ngati aganyu a opereka makwacha.

Mkulu wa ku Chirimba:
Jambulani malata anuwo. Disembala mudzapemphera mutafunda maambulera, mudzandikumbuka. Ndipo kwacha ikagwanso ngati mu Novembala 2023, K6,000,000 yanuyo idzagula theka.

Mai a mapasa:
Pokhapo akunena zoona, malata muzigula ndalama ikangokwana mtolo, osadikira yonse.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Vuto ndi loti pepala lija amalemba ndi apampando eni ake, cholembera chofiira amayenda nacho m'thumba la jekete. Ndayesanso kuimba, foni yazimitsidwa. Ndipite kwa abusa ndekha kapena zioneka ngati ndawalumpha?