Funso 7 landipatsa D ya mainasi, ndilitaye kapena vuto ndi langa?

Mphunzitsi wa Fomu 2

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maso. Ndalembetsa mayeso a masamu a mafunso 40 osankha yankho, A mpaka D, kwa ana 60. Ndawandandalika kuyambira wa malikisi ambiri mpaka wotsiriza, ndatenga 16 apamwamba ndi 16 apansi, pafupifupi 27 peresenti mbali iliyonse, kenako funso lililonse ndawerengera p, muyeso wa kuvuta kwa funso, ndi D, okhoza apamwamba kuchotsa okhoza apansi kugawa ndi 16. Mafunso atatu andizunguza mutu.

Funso 7, yankho papepala langa ndi C. Akhoza ndi ana 30, ndiye p ndi 0.50. Koma mwa apamwamba akhoza 6, mwa apansi 9, D yatuluka −0.19.
Funso 12, akhoza 56, p ndi 0.93. Apamwamba onse 16, apansi 13, D ndi 0.19.
Funso 25, akhoza 16, p ndi 0.27. Apamwamba 5, apansi 4, D ndi 0.06.

Tebulo lomwe ndili nalo likuti funso la D yochepera 0.20 nlosathandiza. Ndiwataye onse atatu? Nanga malikisi a ana nditani nawo, poti sukulu lipoti ikufunika sabata yamawa?

Madamu a Bayoloje

Taya 12 poyamba bambo. 0.93 yakwera kwambiri, funso lovuta chonchi limangofooketsa ana.

Wa za Mayeso

Madamu, mwazondotsa. Dzina la p limasokoneza ndithu, chifukwa amati ndi muyeso wa kuvuta, koma p ndi gawo la ana amene akhoza. Ikakwera ndiye kuti funso nlophweka. Apa ana 56 mwa 60 akhoza, ndiye 12 ndi funso lopepuka kuposa enawo.

Aphunzitsi, musataye chilichonse musanaone kuti ana anathawira ku yankho liti. D imangoimika mkono kuti pano pali nkhani, siinena kuti nkhaniyo ndi yotani. Tiikireni funso 7 momwe linalembedwera, ndi chiwerengero cha amene anasankha A, B, C ndi D m'magulu onse awiri.

Mphunzitsi wa Fomu 2

Funso lake ndi ili: pezani −3². A ndi −6, B ndi −9, C ndi 9, D ndi 6.
Apamwamba 16: A palibe, B 9, C 6, D mmodzi.
Apansi 16: A 4, B awiri, C 9, D mmodzi.
Kalasi yonse: A 6, B 21, C 30, D 3.

Wa za Mayeso

Ndi pomwepo. Funso lilibe mlandu, cholakwa ndi pepala la mayankho. Popanda mabulaketi, mphamvu ya 2 imagwira 3 yekha, mainasi imabwera pambuyo, ndiye −3² ndi −9. Kuti yankho likhale 9 pamafunika kulemba (−3)². Ana anu anzeru 9 aja anaona zimenezi nasankha B, inu nkuwachongera kuti alakwa.

Chizindikiro chake ndi chimenechi nthawi zambiri: yankho limodzi lomwe inu mukuti nlolakwa likukoka apamwamba ambiri kuposa yankho lanu, pomwe apansi sakulilabadira. Mukangoona choncho, kaonetsetseni pepala la mayankho musanadandaule za ana. Tsopano werengani ngati yankho ndi B. Akhoza 21 mwa 60, p ndi 0.35. Apamwamba 9 kuchotsa apansi awiri ndi 7, kugawa ndi 16, D ndi 0.44. Funso lomwe mumafuna kutaya lija lasanduka limodzi mwa mafunso abwino papepala lanu. Nlolimbirapo, koma likulekanitsa amene amvetsa ndi amene sanamvetse.

Mukakonza yankholi musaiwale kuti malikisi asintha. Ana 21 apeza limodzi, ana 30 ataya limodzi. Ena amene anali pamalire a 16 apamwamba atuluka, ena alowa. Muwandandalikenso ndi kuwerenganso mafunso onse 40, osati 7 lokha. Manambala asuntha pang'ono, kuphatikizapo 0.44 ndakupatsaniyi.

Achimwene a Kompyuta

Ndifunseko, yankho la 9 munalitsimikiza pa Excel? Chifukwa mukalemba izi:

```
=-3^2
```

Excel imapereka 9. Iyo imayamba yamata mainasi pa 3 kenako nkukweza mphamvu. Kakyuleta ya sayansi ya ana imapereka −9. Mwina ndi mmene C inalowera.

Poti mukuwerenganso zonse, osavutika ndi manja. Mzere 1 ikani manambala a mafunso, mzere 2 mayankho olondola, ana 60 kuyambira mzere 3 mpaka 62. Mayina mu kolamu A, mafunso kuyambira B mpaka AO. Malikisi a mwana aliyense mu AP:

```
=SUMPRODUCT(--(B3:AO3=B$2:AO$2))
```

Kokerani pansi mpaka mzere 62, kenako sankhani A3 mpaka AP62 yonse muchite Sort pa AP kuyambira wamkulu. Apamwamba akhala mizere 3 mpaka 18, apansi 47 mpaka 62. Funso 7 lili mu kolamu H:

```
=COUNTIF(H3:H62,H2)/60
=(COUNTIF(H3:H18,H2)-COUNTIF(H47:H62,H2))/16
```

Yoyamba ndi p, yachiwiri ndi D. Kokerani cham'mbali kuti mafunso onse apeze zawo. Zinthu ziwiri zimaononga ntchitoyi. Mukachita Sort pa kolamu imodzi yokha, mayankho amasiyana ndi eni ake ndipo D zonse zimangokhala zopanda mutu. China, mukalemba C nkugunda sipesi mwangozi, Excel imati si C, mwana nkuluza malikisi. Funso likaoneka lovuta mosayembekezeka, phatikizani A, B, C, D ndi osayankha, muone ngati zikukwana 60.

Mphunzitsi wa Fomu 2

Achimwene mwandigwira, ndi pa Excel pomwepo. Zikomo. Nanga 12 ndi 25?

Wa za Mayeso

Pa 12 tebulo lija likunamizani. Malire amenewo ndi a Robert Ebel: 0.40 kupita m'mwamba funso labwino kwambiri, 0.30 mpaka 0.39 labwino, 0.20 mpaka 0.29 lofunika kukonza, kutsika apo lofooka. Amagwira bwino pa mafunso amene p yake ili pakatikati. Funso likaphweka kwambiri kapena likalimba kwambiri, D imakhala ndi denga lomwe singalidutse.

Taonani pa lanuli. Alakwa ndi ana anayi okha m'kalasi yonse. Ngakhale onse anayi akanakhala m'gulu lapansi, D ikanakhala 4 kugawa ndi 16, kutanthauza 0.25. Denga lake ndi limenelo. Inu mwapeza 0.19 chifukwa atatu mwa anayiwo ali pansi ndithu, ndipo palibe wapamwamba amene walakwa. Funsoli lagwira ntchito yonse imene likanatha kugwira. Ngati likuyesa chinthu chimene mwana aliyense wa Fomu 2 ayenera kudziwa, 0.93 ikukuuzani kuti munaphunzitsa ndipo zinalowa. Lisungeni, ndipo ndi bwino kuliika koyambirira kwa pepala kuti ana akhazike mtima. Vuto limabwera mafunso otere akachuluka, mwachitsanzo theka la pepala, chifukwa pamenepo malikisi amaunjikana pamwamba ndipo simungadziwe wakhoza zenizeni ndani.

25 ndi nkhani ina. Mayankho akakhala anayi, mwana wongoombeza amakhoza kamodzi pa kanayi, ndiye p ya 0.25 imabwera yokha popanda wodziwa kanthu. Yanu ndi 0.27, ndipo apamwamba ndi apansi akufanana. Ndikukayikira kuti kalasi yonse inangoombeza. Onani mmene mayankho agawikira. Ngati chilembo chilichonse chatenga ana pafupifupi 15, ndiye kuti palibe amene anadziwa poyambira: mwina mutuwo sunaphunzitsidwe, mwina mawu a funso sakumveka, mwina yankho lolondola palibe pa anayiwo chifukwa cha kulakwitsa potaipa. Koma ngati ambiri aunjikana pa yankho limodzi lolakwa, sanaombeze, ali ndi kamvedwe kolakwika kamene onse akugawana, ndipo muli ndi phunziro lobwereza Lolemba.

Mphunzitsi wa Fomu 2

Yankho ndi A. Agawikana motere: A 16, B 14, C 15, D 15. Ndaliwerenganso kawiri, yankho ndi lolondola ndipo palibe cholakwika potaipa. Mutu wake tinaupita mothamanga sabata yotsiriza.

Mkulu wa Dipatimenti

Ndiye lichotseni pa malikisi, muwerengere pa 39. Si chilungamo kuti ana 16 apeze malikisi a mwayi pa chinthu chimene sichinaphunzitsidwe mokwanira.

Wa za Mayeso

Apa akulu ndisiyana nanu pang'ono. Funso losweka, lopanda yankho kapena la mayankho awiri olondola, limenelo ndi lochotsa. Ili ndi lolondola ndipo lili mu silabasi. Mukayamba kuchotsa funso lililonse limene ana alephera, malikisi amakwera koma sakunenanso zoona. Ine ndikanalisiya pa malikisi, nkubwereza mutuwo, nkulifunsanso teremu yamawa kuti ndione ngati p ndi D zadzuka.

Mkulu wa Dipatimenti

Zoona za ndani? Kholo likaona sukulu lipoti limati ndi mwana walephera, silidziwa kuti mutu unathamangidwa. Ine ndikadali pa 39.

Sitandade 8 Kumudzi

Pepani ndilowererepo. Ana anga ndi 22 okha. 27 peresenti ya 22 ndi ana 6. Kodi njirayi ingagwire? Ndipo 27 ameneyu anachokera kuti?

Wa za Mayeso

Anachokera kwa Truman Kelley mu 1939. Anafuna magulu otalikirana mokwanira kuti kusiyana kuoneke, koma osachepa kwambiri mpaka nambala nkumagwedezeka. Si lamulo, 25 kapena 33 peresenti zimapereka chithunzi chofanana.

Kwa inu vuto ndi kuchepa kwa ana. Pa gulu la 6, mwana mmodzi akasintha yankho D imasuntha ndi 0.17, ndiye funso limatha kuchoka pa labwino kufika pa lofooka chifukwa cha mwana mmodzi amene anadwala mutu tsiku limenelo. Ngakhale pa 16 wa anzathuwa, mwana mmodzi ndi 0.06, choncho 0.19 ndi 0.25 musamazione ngati zosiyana kwenikweni. Gawani kalasi pakati, 11 ndi 11. Dziwani kuti D idzatsikirapo poti mwalowetsa ana apakati amene amafanana, ndiye musaiyeze ndi tebulo la Ebel. Yang'anani zazikulu zokha: mainasi, ziro, ndi yankho lolakwa limene likukoka apamwamba. Ngati muli ndi makalasi awiri amene analemba pepala lomwelo, aphatikizeni.

Madamu a Bayoloje

Ndavomera za p, ndinazondotsa. Koma pa funso 7 taonani yankho D, asankha ana atatu okha mwa 60. Ndi 5 peresenti yeniyeni, pamalire pomwe amati yankho losokoneza lasiya kugwira ntchito. Ine ndikanalisintha. Ndiponso aphunzitsi, yang'anani mafunso 38 mpaka 40 ngati ana ambiri anasiya osayankha. Pamenepo p yotsika imanena za nthawi, osati za kuvuta kwa funso.

Achimwene a Kompyuta

Osayankha muwawerenge motere, ndi funso 40 ili:

```
=COUNTBLANK(AO3:AO62)
```

Mphunzitsi wa Fomu 2

Ndakonza 7 kukhala B ndipo ndandandalikanso. Tsopano wa nambala 16 ndi wa nambala 17 onse ali ndi 28. Ndilowetse uti m'gulu lapamwamba?

Wa za Mayeso

Osasankha poyang'ana dzina, mtima umakokera kwa mwana amene mumamudziwa kuti ngwanzeru. Alowetseni onse awiri, apamwamba akhale 17, ndipo gulu lililonse muligawe ndi chiwerengero chake: okhoza apamwamba kugawa ndi 17, kuchotsa okhoza apansi kugawa ndi 16. Fomula ya D ija ikhale =COUNTIF(H3:H19,H2)/17-COUNTIF(H47:H62,H2)/16.