Sienta ndi njinga yamoto zikhala miyezi 6 osayenda: batire tiisiye bwanji?

Gondwe wa ku Luwinga:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kasitomala wanga akupita ku Joni sabata ya mawa, akuti abwerako mu Okotobala. Akusiya Sienta ndi njinga yamoto kunyumba kwawo ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, ndipo woziyang'anira ndine. Chaka chatha adasiya galimoto yomweyi miyezi inayi, pobwera anapeza batire yatsopano itaferatu. Tinaitchaja usiku wonse, m'mawa kiyi kungoti "tche tche" basi. Sindikufuna zimenezi zibwerezeke m'manja mwanga. Batire ndiisiye ili ndi moto wochuluka bwanji, nanga pamwezi ndizikaona chiyani?

Chisomo wa masola:
Zosavuta achimwene. Batire yosungidwa imafuna theka, osati yodzadza. Itsitseni ifike pakati, muzule mawaya, musiye choncho. Mabatire atsopano a sola amafika kusitolo ali theka pa chifukwa chomwechi.

Madala Nyirenda:
Ife kale tinkangouza mwana wa pakhomo kuti aziiliza Loweruka lililonse mphindi khumi. Ndipo mukaichotsa batire musaike pasimenti, simenti imayamwa moto.

Mayi Kaunda, amagetsi a galimoto:
A Chisomo, zimene mwanenazo n'zoona koma batire yake si imeneyi. Theka ndi lamulo la batire ya litiyamu, monga ya foni, ya sola yamakonoyi ndi ya njinga yoyendera magetsi. Ya mu Sienta ndi ya asidi, ndipo imeneyo imasungidwa yodzadza thoo. Ikakhala nthawi yaitali ili theka, mbale za m'kati zimamera zoyerayera zouma zimene tchaja sichitha kuzisungunula. N'chifukwa chake ya chaka chathayo inkaoneka ngati yatchajika koma injini osaitembenuza.

A Gondwe, tengani mita muyeze pamateminolo, galimoto itagona usiku wonse. Mukayeza itangozimitsidwa kumene mita ikunamizani, iwerenga zokwera. Mavoti 12.6 kapena kuposerako pang'ono ndiye yodzadza. Pa 12.4 yatsika, itchajeni tsiku lomwelo. Pa 12.2 ndiye theka lija, yayamba kale kuonongeka.

Gondwe:
Ndamva amayi. Koma batire ija inali ya miyezi itatu chigulireni. Yatsopano ingathe chonchi itangokhala?

Mayi Kaunda:
Sinangokhala, galimoto inkaidya. Ngakhale kiyi ali m'thumba, wailesi, alamu ndi kompyuta ya injini zimamwabe moto pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zikukoka mamiliampu 40, zomwe si zachilendo. Pa maola 24 ndi pafupifupi ampu imodzi yapita. Kabatire kamene ambiri timaika m'tigalimoto timeneti ndi ka maampu 35. Ndiye werengani nokha: masabata awiri ndi theka kafika pakati, mwezi ndi masiku ochepa kauma. Miyezi itatu yotsalayo kanangogona kali kouma. Palibe batire ya asidi ingadzuke pamenepo.

Choncho itchajeni idzadze, kenaka zulani waya wa negetivu, wakudawo, muukankhire pambali kuti usakhudzenso teminolo. Ikatero imangotsika yokha pang'ono pamwezi, ndipo kuzizira kwathu kuno kukuthandizani. Ikanakhala ku Karonga kotentha kuja bwenzi ikutsika msanga. Pukutaninso pamwamba pake. Fumbi likanyowa ndi chinyezi cha mu Juni limakhala ngati kawaya pakati pa mateminolo awiriwo.

Madala, za simenti zija zinali za mabatire akale, a masiku ano chikombole chake ndi pulasitiki. Koma za kuiliza mphindi khumizo ndikukanirani mwaulemu. Sitata imatapa moto wambiri nthawi imodzi, ndipo injini ikungolira pamalo amodzi sibweza wonse. Komanso sitentha mokwanira, ndiye madzi amatsalira mu ekizozi ndi mu oyilo. Ngati mukuiliza, itulutseni muyende nayo mphindi zosachepera 30, monga kukafika ku Ekwendeni n'kubwerako. Apo ayi, isiyeni igone.

Madala Nyirenda:
Ekizozi ya Hilux yanga idaboola pansi nditaisunga choncho, ndimati ndi msewu wa ku Usisya. Chabwino mwana wanga. Koma handibuleki musakoke a Gondwe, apo pokha sindilola kutsutsidwa. Ndi chinyezi cha kuno, mashuzi amamatirira ku dilamu. Ikani giya pa P, muike njerwa kumatayala. Matayalawo muwapope mowonjezerako pang'ono.

Yona wa kabaza:
Mabwana, ine njinga yanganso ikuvuta m'mawa. Batire ndi yatsopano koma mpaka ndiiponde kakhumi. Ndigule ina?

Gondwe:
Iwe Yona, yako imayenda tsiku lililonse, si nkhani yomweyi. Bwera nayo mawa tione pulagi ndi tchoko. Koma wandikumbutsa za njinga ija. Amayi, nayonso chimodzimodzi?

Mayi Kaunda:
Lamulo ndi lomwelo, koma kabatire ka njinga n'kakang'ono, maampu 5 kapena 7. Kachotseni mukasunge kugalaja kwanu, kusiyana n'kumayendera ku Chibavi. Chimene ndikuopa ndi tchaja chanu chachikulu chija. Potchaja musapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya batire, ndiye ka maampu 7 kamafuna ampu yosakwana imodzi. Mukakapatsa maampu 10 katentha, kafufuma, basi kapita. Ngati ndi kotsegula pamwamba, onani madzi asatsike pansi pa mzere. Othiramo ndi madzi a batire ogula aja, osati a pampopi, ndipo asidi musawonjezere.

Chisomo wa masola:
Ndavomera, ndinasakaniza mabatire. Koma ngati galimotoyo ili ndi thiraka, kachipangizo kosonyeza pamene galimoto ili, mukazula waya mwini wake ku Joni aziona ngati yabedwa. Bwanji osangoika kapanelo ka mawati 10 padenga, kodutsira pa legyuleta? Batire izikhala yodzadza, waya osazula.

Mayi Kaunda:
Zimatheka, bola legyuleta ikhalepodi, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Komabe mita muzipita nayo. Masiku a mitambo ndi kamvula ka mawawa kuno amatha sabata, ndipo waya wa panelo ukazuka palibe amene angadziwe.

Yona wa kabaza:
Pa njinga musaiwale kabuleta. Yanga nditagona m'chipatala miyezi iwiri, petulo adauma m'kati, majeti onse kutsekeka ndi zinthu ngati manyuchi. Tsekani kampopi ka petulo, muilize mpaka izime yokha, kenaka mumasule kasikuluu ka pansi pa kabuleta otsalawo atuluke. Tcheni muchipake oyilo, ndipo muiimike pa sitandi yapakati.

Madala Nyirenda:
Apa Yona wanena zakupsa. Thanki yokha mudzadze, mukasiya theka m'kati mumachita thukuta n'kuyamba dzimbiri.

Mayi Kaunda:
Kwa njinga ndigwirizana nanu madala, thanki yake ndi yachitsulo. Kwa galimoto ndikukayika. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanolo, yemwe amakoka chinyezi, ndipo miyezi 6 ndi yambiri. Ine ndikanasiya wochepa, mwini wake akadzabwera tidzathire watsopano pamwamba.

Madala Nyirenda:
Thanki yodzadza ilibe mpweya woti ubweretse chinyezicho. Ine sindisuntha.

Gondwe:
Za petulozo ndiwafunsa eni ake, ndalama ndi zawo. Thiraka mulibe, ndafunsa, ndiye ndizula waya. Tsiku loyamba la mwezi ndizipita ndi mita ndi pampu, ikafika 12.4 ndiziinyamula kukatchaja. Ndizikankhanso galimoto pang'ono kuti matayala asakhalire mbali imodzi. China chotsala?

Madala Nyirenda:
Makoswe. Nyumba imeneyo ndikuidziwa, chimanga amasunga m'galaja momwemo. Muzitsegula boneti ndi bokosi la eyakilina, muone ngati sanamangemo chisa kapena kutafuna mawaya. Matumbawo awasamutse asananyamuke.

Gondwe:
Matumba 30 amenewo madala. Yona, mawa ubwere ndi anzako awiri.