Diso la bambo lazima m'mawa uno koma silikupweteka, tidikire Lolemba?

Nabanda wa ku 25:
Abale anga m'gulu muno ndithandizeni maganizo. Ine ndili ku Lilongwe, makolo ali kumudzi chaku Linthipe. Amayi angoimba kuti bambo, a zaka 63, diso lakumanzere lasiya kuona. Akuti anadzuka bwinobwino, anamwa tiyi cha m'ma 6, kenaka ali pakhonde anangoti "kodi kwachita mdima?" Akatseka lakumanja akungoona chithunzithunzi cha dzanja likamayenda pafupi ndi nkhope, zala sakutha kuwerenga. Silikupweteka, silinafiire, palibe manthongo, palibe chawagwera. Amadwala BP koma mapilitsi anasiya miyezi iwiri yapitayo ati akupeza bwino, ndipo fodya wa chingambwe sanasiye. Amayi akutinso sabata yatha diso lomweli linachita ngati atsitsa katani kwa mphindi zisanu ali kudimba, kenaka linayera lokha. Lero ndi Loweruka, eni ake akuti liyeranso ngati tsiku lija, apita Lolemba. Tidikire kapena pali mankhwala odontheza oti ndigule nditumize?

Che Jafali:
Imeneyo ndi ng'ala mayi. Agogo anga anali chimodzimodzi, anawapala ku Nkhoma panopa akulowetsa okha ulusi pa singano. Musathamange, ng'ala imadikira.

Anaphiri Namwino:
A Jafali ayi. Ng'ala imabwera pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka, munthu amayamba ndi kudandaula nkhungu. Siizimitsa diso pakati pa kumwa tiyi ndi kutsuka kapu. Nabanda, bambowo anyamuke tsopano lino.

Wa Maso Gama:
Ndimagwira ntchito ku chipinda cha maso, ndiye mundimvetsere achemwali. Panopa ndi 9 koloko, maola atatu apita kale. Siyani kaye foni, apezereni galimoto, zina muwerenga ali pa msewu. Kuchokera ku Linthipe ndi bwino angolunjika ku Kamuzu Central, kumene kuli madokotala a maso ndi a matenda a m'thupi malo amodzi. Akafika asakaime pa mzere wa magalasi. Akanene ku ngozi mawu awa: diso lazima mwadzidzidzi 6 koloko m'mawa, sabata yatha linazimanso n'kuyera. Atenge kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mapilitsi amene anasiya aja. Asapalase okha njinga.

Sindingapime munthu pa foni, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi kutsekeka kwa mtsempha wopititsa magazi ku retina, kachikopa kopyapyala kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala. Gawo lake lamkati limadyetsedwa ndi kamtsempha kamodzi kokha, ndipo kakatsekeka palibe njira ina yolambalala. Retina ilibe mitsempha yomvera ululu, n'chifukwa chake bambo akukhala phee ngati palibe chachitika. Kusapwetekako n'kumene kumapusitsa anthu ambiri.

Nabanda wa ku 25:
Ndaimbira mlamu wanga ali ndi galimoto pa Linthipe 1, akupita kukawatenga. Koma bambo akukana, akuti ndalama ya mafuta ingotayika poti diso linalo likuona. Akapita lero liyera?

Wa Maso Gama:
Ndisakunamizeni, mwina silibwerera. Kafukufuku amene anachitika pa anyani anaonetsa kuti retina imapirira pafupifupi ola limodzi ndi theka popanda magazi, ndipo pofika maola 4 imakhala itaonongeka kwambiri. Kwa anthu nthawi zina mtsempha sutsekeka wonse kapena kotsekako kamasuntha, ndiye ena amapezako pang'ono, koma ambiri diso silibwerera mwakale. Maiko ena amayesa kubaya mankhwala osungunula magazi oundana munthu akafika asanathe maola 4 ndi theka. Kuno sapezeka m'zipatala zambiri, ndiponso madokotala akadakambirana ngati amathandizadi diso.

Chimene ndikuwathamangitsira ndi ubongo. Kamtsempha ka m'diso kaja ndi nthambi ya mtsempha waukulu wa m'khosi, umene mumaumva ukugunda mukagwira pansi pa chibwano. Mtsempha womwewo ndi umene umadyetsa mbali yaikulu ya ubongo. Mwa munthu wa BP, wa shuga kapena wosuta, mkati mwake mumakhakhala ndi mafuta oundana, ndiye tizidutswa timanyotsoka n'kumayenda ndi magazi. Tina timachokera mu mtima. Ka sabata yatha kanatseka n'kusweka, n'chifukwa chake katani ija inakwera. Ka lero kakakamira. Kachitatu kakhoza kupitirira mphambano ya ku diso n'kukatseka mu ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Bungwe la American Heart Association mu 2021 linalemba kuti vuto limeneli lizitengedwa ngati sitiroko yeniyeni, ndipo ngozi yake imakula kwambiri masiku oyambirira mpaka masabata ochepa otsatira. Auzeni bambo choncho, kuti mafuta a galimotowo ndi a mkono ndi mwendo wawo.

Ali m'njira mlamu wanu aziwayang'ana: kamwa kupotoka, mawu kulemera ngati aledzera, mkono kufooka. Poti ndi diso lakumanzere, yang'anitsitsani mkono ndi mwendo wakumanja, chifukwa ubongo umalamula mopingasa.

Madala a Chinsapo:
Ndi BP imeneyo basi, yakwera. Amwe mapilitsi awiri m'malo mwa limodzi, aonjezere asipirini, komanso azisisita disolo ndi chala kuti kotsekako kachoke. Dokotala wina anandiuza kale zimenezi.

Anaphiri Namwino:
Madala, pa BP mwalasa, ndiye gwero lake. Koma kuigwetsa mwadzidzidzi munthu ali ndi mtsempha wa m'khosi wochepa n'kumuchepetseranso magazi opita ku diso ndi ku ubongo. Amatsitsa pang'onopang'ono atayeza. Asipirini mwina akawapatsadi, koma adokotala akaone kaye kuti si magazi atayikira m'diso kapena m'mutu.

Wa Maso Gama:
Zosisita zija zinalipodi, ndipo ena amachitabe ku chipatala atayang'ana kaye m'kati mwa diso, koma umboni woti zimabwezeretsa kuona ndi wofooka. Vuto kunyumba ndi loti simudziwa ngati ndi mtsempha kapena retina yamatuka. Ngati yamatuka, chala chanu chikhoza kuonjezera vuto. Ndipo theka la ola limene mukusisita ndi mtunda ndithu pa M1.

Mayi a Tadala:
Ine nkhani iyi ikundikumbutsa bambo a kunyumba kwanga. Diso lakumanja linkazima n'kuyera, kawiri kapena katatu, iwo n'kumati ndi njala poti amayenda ndi lole usiku. Tinakagula magalasi a pamsika. Pasanathe masabata awiri ndinawapeza m'bafa akulephera kunyamula chikho ndi dzanja lamanzere, sopo ali pansi, akundiyankha zosamveka. Panopa amayenda ndi ndodo, lole inapita. Palibe anatiuzapo kuti diso ndi ubongo zimamwera mtsempha umodzi.

Joe wa ku Joni:
Inenso ndimaona tinthu takuda tikuyandama m'maso ndikayang'ana khoma loyera, chaka chachitatu tsopano. Ndiye kuti sitiroko ikubwera?

Wa Maso Gama:
A Joe, zanuzo ndi zina. Tinthu toyandama ta zaka zambiri tosasintha nthawi zambiri si tangozi. Tikachuluka tsiku limodzi, kapena muziona ngati mphezi ikung'anima m'mbali mwa diso, pitani tsiku lomwelo chifukwa retina ingakhale ikung'ambika.

Nabanda, afunseni amayi ichi: masabata apitawa bambo amadandaula mutu cha m'mbali pafupi ndi khutu, khungu la m'mutu kupweteka akamapesa, kapena nsagwada kutopa akamatafuna chimanga chokazinga? Kwa anthu opitirira zaka 50 pali nthenda yotupitsa mitsempha imene imazimitsanso diso chonchi. Kuno sitiiona kawirikawiri, koma ikakhalapo ikhoza kulumphira diso linalo m'masiku ochepa, ndipo imeneyo ili ndi mankhwala, amayamba ma siteroidi tsiku lomwelo. Ngati zilipo akanene, akayeza magazi otchedwa ESR kapena CRP.

Nabanda wa ku 25:
Zimenezo akuti ayi. Anyamuka, ndawauza za Mayi a Tadala ndiye avomera.

Mlaliki Sam:
Tikuwapempherera, Mulungu atsogole pa msewu.

Nabanda wa ku 25:
Pepani ndinasowa, ndinali nawo kuchipatala, ndabwera kudzatenga zofunda. Anawaunika ndi tochi diso ili kenaka ili, akuti mwana wa diso lakumanzere sakuchepa bwino kuwala kukafika. Anawadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kusuzumira m'kati. Adokotala anandijambulira pa pepala: retina yonse yatuwa, pakati pokha pali kadontho kofiira, akuti chimenecho ndicho chizindikiro chake. Ndi mtsempha uja. BP inali 188 pa 104, shuga ali bwino. Koma atawagwira pa mkono anati mtima ukugunda modumphadumpha, makina oyeza kagundidwe ka mtima a ECG aonetsanso zomwezo. Awagoneka. Akuti akufuna sikani ya mutu ndi ya mitsempha ya m'khosi. Diso akadangoona dzanja basi. Bambo akwiya, akuti ndinabwera ndi diso, bwanji akulimbana ndi mtima wanga?

Wa Maso Gama:
Mtima ukamagunda mosalongosoka choncho, magazi amaima m'kachipinda kake kena n'kuundana, ndipo tizidutswa take ndi tomwe timakathera m'diso kapena mu ubongo. Ndiye mwina gwero lapezeka, koma m'khosi ayang'anebe, munthu wosuta akhoza kukhala nazo zonse ziwiri. Zikakhala za mtima, asipirini yekha sakwanira, amapereka mankhwala amphamvu oletsa magazi kuundana monga wafarini, amene amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Zikakhala kuti mtsempha wa m'khosi wachepa kwambiri, pamakhalanso nkhani ya opaleshoni, ndiye akakuuzani okha ngati ingatheke.

Chinanso, akatuluka asaliiwale disolo poti lazima. Pakapita masabata angapo mpaka miyezi ingapo, nthawi zina limamera timitsempha tatsopano tosalongosoka timene timatseka njira ya madzi a m'diso. Likatero limalimba, limafiira n'kuyamba kupweteka koopsa. Tsiku lobwerera ku maso limene akulembereni m'kabuku, asaliphonye.

Che Jafali:
Koma ngati latuwa si ng'ala yomweyo? Sangapale?

Anaphiri Namwino:
Ng'ala imatuwa kutsogolo a Jafali, iyi yatuwa kumbuyo, palibe chopala. Ine nkhawa yanga ndi wafarini kumudzi. Munthu amene anasiya mapilitsi a BP chifukwa akupeza bwino, adzakwera minibasi mwezi ndi mwezi kukayezetsa magazi a INR, oonetsa ngati wafariniyo akugwira bwino? Akapitirira muyezo ndi kutaya magazi, akachepa sagwira ntchito. Ndaonapo onse awiri.

Madala a Chinsapo:
Alipo mankhwala ena atsopano osafuna kuyezetsa, mlongo wanga amamwa, koma amagula yekha ku famase ndipo mtengo wake si wamasewera.

Wa Maso Gama:
Alipodi, koma ngati vavu ya mtima inachepa chifukwa cha nthenda ya rumatiki, imene kuno ndi yofala, amabwerera ku wafarini yemweyo. Adikire sikani ya mtima, asagule kanthu okha. Nabanda, Lolemba madokotala akamayendera odwala mukakhalepo inuyo, mukafunse kuti asankha ati, ayamba liti, ndipo kuyezetsa kuzichitikira ku Dedza kapena ku Lilongwe.

Nabanda wa ku 25:
Ndikafunsa. Ngati n'kuyezetsa mwezi ndi mwezi ndiye akhale kwanga kuno kaye, ngakhale ayamba kale kufunsa kuti tomato wawo kudimba athirira ndani. Pali amene akudziwa ngati pa chipatala cha boma ku Dedza amayeza INR?